Kasitomala mmodzi mwamugula zingati, nanga adzabweza zingati?

Kampani ya Blue Apron inayamba mu 2012 mumzinda wa New York ndi ganizo losavuta kumva. Munthu amalembetsa pa intaneti, ndipo sabata iliyonse amalandira pakhomo pake bokosi la nyama, masamba ndi zokometsera zoyezedwa kale, pamodzi ndi pepala lofotokoza kaphikidwe kake. Anthu anaikonda. Mu 2014 inagulitsa zakudya za madola 78 miliyoni, mu 2015 za madola 341 miliyoni, ndipo mu 2016 inafika pa madola 795 miliyoni. Pomwe inkalowa pamsika wa masheya mu Juni 2017 inali ndi makasitomala opitirira miliyoni imodzi, sheya imodzi inkagulitsidwa madola 10, ndipo kampani yonse inkawerengedwa kuti ndi ya madola pafupifupi 1.9 biliyoni. Pofika Disembala 2018 sheya ija inatsika mpaka kuchepera dola imodzi. Mu 2023 kampani yonse inagulitsidwa kwa kampani ina yotchedwa Wonder pa madola 103 miliyoni okha.

Zakudya zake sizinali zoipa, ndipo makasitomala atsopano sankasowa. Vuto lalikulu linali pa manambala awiri amene aliyense wolemba pulani ya bizinesi yatsopano amafunsidwa akangokhala pansi ndi anthu oika ndalama m'makampani. Yoyamba ndi ndalama imene mumawononga kuti mupeze kasitomala mmodzi watsopano. Yachiwiri ndi phindu lonse limene kasitomala ameneyo adzakusiyirani kuyambira tsiku logula koyamba mpaka tsiku limene adzaleke kugula. Pa mafomu ndi m'mapepala a oika ndalama, yoyambayo imalembedwa kuti CAC, yachiwiriyo LTV. Ngati yachiwiri siiposa yoyamba mokwanira, kasitomala aliyense watsopano amakulitsa dzenje, ndipo kampani ikamakula msanga imafanso msanga.

Manambala awiriwa amalembedwa moyandikana ngati ndi a mtundu umodzi, koma si choncho ayi. Ndalama yopezera kasitomala imatuluka lero, ili ndi malisiti ake. Phindu la kasitomala ndi lonjezo la mawa, ndipo walilonjeza si kasitomalayo koma inuyo amene mukulemba pulani. Woweta nkhuku za mazira amaidziwa bwino nkhani imeneyi: mwanapiye amagulidwa ndi ndalama yeniyeni, chakudya chimagulidwa tsiku ndi tsiku, koma mazira amabwera pakapita miyezi, ndipo anapiye ena safika n'komwe poikira. Amene angawerengere mazira a anapiye onse amene wagula, pulani yake imakongola papepala pokha.

Kuti tione mmene masamuwa amayendera, tiyeni tipeke bizinesi yofananako ndi ya Blue Apron koma ya kufupi ndi ife, ndi manambala ongoyerekezera. Achinyamata awiri a ku Lilongwe ayamba kukapereka dengu la masamba, tomato, anyezi, zipatso ndi mazira m'makomo a anthu ogwira ntchito m'maofesi, sabata ndi sabata. Dengu limodzi ndi K25,000. Mu pulani yawo alemba kuti banja limodzi lidzagula madengu anayi pamwezi kwa zaka ziwiri, ndiye kuti kasitomala mmodzi ndi wa K2,400,000. Alembanso kuti mwezi woyamba analipira K600,000 kutsatsa malonda pa Facebook ndi pa wailesi, napeza mabanja 100, kotero kasitomala mmodzi anawadyera K6,000 yokha. K6,000 kubala K2,400,000! Munthu wodziwa akaona tsamba lotere satsegulanso lachiwiri.

Cholakwika choyamba n'chakuti K25,000 ija si ya achinyamatawa. Alimi ndi ogulitsa mazira amatengapo K16,500. Thumba ndi zokulungira zimadya K800. Wakabaza wa njinga yamoto amalandira K3,500 pa khomo lililonse. Polandira ndalama pa foni pamadulidwa K400. Ndiye pali tomato wophwanyika ndi masamba ofota amene amatayidwa, komanso mazira osweka amene kasitomala amafuna kuti abwezeredwe. Zimenezi zikagawidwa pa madengu onse zimakwana K1,300 pa dengu. Zonse pamodzi ndi K22,500. Chotsala ndi K2,500, ndipo imeneyi ndiyo ndalama yokhayo imene ingabweze zomwe zinawonongedwa pomupeza kasitomala. Lamulo lake n'loti muchotse chilichonse chimene chimakula dengu lina likawonjezeka. Lendi ya shedi ndi malipiro a eni bizinesi sizilowa pano, chifukwa sizisintha kaya mwagulitsa madengu 50 kaya 500. Tizionanso kutsogoloku.

Chinthu chimene anthu amaiwala kawirikawiri pamndandandawu ndi zowonongeka zija. Sizikhala ndi lisiti, palibe amene amakutumizirani bilu ya tomato woola, ndiye zimangozimirira. Koma mu chitsanzo chathuchi K1,300 ikuposa theka la phindu lotsalalo. Njira yoidziwira ndi kuyeza pa sikelo katundu amene wagulidwa ndi amene wafikadi m'makomo, sabata iliyonse, m'nyengo yotentha ndi yamvula yomwe.

Cholakwika chachiwiri chili pa K6,000 ija. Kutsatsa pa Facebook ndi pa wailesi si ndalama yokhayo imene inatuluka posaka mabanja 100 aja. Panali atsikana awiri amene ankayenda m'maofesi ndi m'matchalitchi kulembetsa anthu. Malipiro ndi komishoni yawo zinakwana K500,000. Timapepala togawa, mayunitsi ndi thiransipoti zinadya K200,000. Komanso banja lililonse latsopano linachotseredwa K5,000 pa dengu loyamba, zomwe ndi K500,000. Kuchotsera mtengo kumeneku ambiri sakuwerengera chifukwa ndalama sinatuluke m'thumba, koma ndi nyambo ngati mmene ilili wailesi, ndipo mtengo wake ndi weniweni. Zonse pamodzi zikukwana K1,800,000. Tikagawa ndi mabanja 100, kasitomala mmodzi wawadyera K18,000, katatu kuposa zomwe analemba.

Ngakhale K18,000 imeneyi ili ndi kachinyengo. Pakati pa mabanja 100 oyamba pamakhala azakhali, anzawo a kusukulu ndi a kutchalitchi, amene akanagula ngakhale pakanapanda wailesi. Iwowa amatsitsa nambala, koma satha kuchulukitsidwa: azakhali akatha, atha. N'chifukwa chake kasitomala aliyense watsopano ayenera kufunsidwa kuti anamva kuti za bizinesiyi, yankho lilembedwe, ndipo mtengo uwerengedwe pa njira iliyonse payokha. Mwina mupeza kuti mtsikana woyenda m'maofesi akubweretsa banja pa K12,000 pomwe wailesi ikubweretsa banja pa K40,000.

Tsopano tafika pamene pagona nkhani yonse: kodi banja limodzi limakhala nanu nthawi yaitali bwanji? Zaka ziwiri zija achinyamatawa anazitenga m'mutu. Njira yoona ndi kutenga gulu la makasitomala amene anayamba mwezi umodzi, kulilemba palokha, n'kumalitsata mwezi ndi mwezi osalisakaniza ndi obwera pambuyo. Tinene kuti mabanja 100 aja anayamba mu Januwale. Mu Febuluwale amene anagulanso ndi 55. Mu Malichi 40, mu Epulo 32, mu Meyi 27, ndipo mu Juni 24. Kaundula yemweyo akuonetsanso kuti banja limene likugulabe silitenga madengu anayi pamwezi koma atatu: sabata ina apita kumaliro, sabata ina malipiro achedwa, sabata ina m'bale wabwera ndi masamba ochokera kumudzi. Ndiye phindu la banja logula pamwezi ndi K7,500, osati K10,000.

Tiyeni tiwerenge zomwe gululi labweza. Januwale, mabanja 100 asiya phindu la K750,000. Febuluwale, mabanja 55 awonjezera, zonse zafika K1,162,500. Kutha kwa Malichi zili pa K1,462,500, kutha kwa Epulo pa K1,702,500. K1,800,000 imene inawonongedwa powapeza ikubwerera mkati mwa Meyi, mwezi wachisanu. Pofika kumapeto kwa Juni gulu lonse labweza K2,085,000, kutanthauza K20,850 pa banja lililonse limene linalembetsa, kuphatikizapo aja anagula mwezi umodzi n'kusowa. Tikayerekeza kuti otsalawo azichoka pang'onopang'ono mpaka kutsala 18 mu Disembala, chaka chonse chibweretsa K2,970,000, kapena kuti K29,700 pa banja. Uku ndiye kuyerekeza koona: K18,000 yatuluka, K29,700 yabwera pakutha pa chaka. Bizinesi siyakufa, koma ili kutali kwambiri ndi K2,400,000 ya m'pulani.

Taonani bwino mmene anthu akuchokera. Pafupifupi theka lachoka mwezi woyamba womwe, kenako kuchoka kukucheperachepera. Umu ndi mmene zimakhalira pafupifupi m'bizinesi iliyonse yolembetsa makasitomala, chifukwa anthu olembetsa si amodzi. Ena anabwera chifukwa cha K5,000 yochotseredwa ija, ena anangofuna kulawa, ndipo ochepa ndiwo anali ndi vuto lenileni limene dengu likuthetsa, monga mayi woweruka mochedwa amene alibe nthawi yopita kumsika. Ongolawawo amachoka msanga, ndipo otsala amakhala aja okhazikika. Choncho palibe nambala imodzi ya kuchoka kwa makasitomala imene ingaimire gulu lonse, ngakhale kuti masamu otchuka kwambiri pankhaniyi amafuna nambala imodzi yomweyo. M'mapulani ambiri mupeza izi:

```
LTV = phindu la pamwezi / gawo la makasitomala ochoka pamwezi
```

Ikani manambala a achinyamata athu muone. Mukatenga kuchoka kwa pakati pa Januwale ndi Febuluwale, komwe ndi 45 pa 100, mupeza K7,500 kugawa ndi 0.45, pafupifupi K16,700. Imeneyi ndi yochepera K18,000, ndiye munganene kuti atseke bizinesi. Mukatenga kuchoka kwa pakati pa Meyi ndi Juni, mabanja atatu mwa 27, mupeza kuti banja limakhala miyezi isanu ndi inayi ndipo limabweretsa K67,500, kuposa katatu mtengo wolipezera, ndiye munganene kuti akatenge ngongole akulitse. Bizinesi ndi yomweyo, kaundula ndi yemweyo, mayankho ndi awiri otsutsana, ndipo onse ndi olakwika. Wolemba pulani amene akufuna ndalama za anthu amasankha yachiwiriyo, nthawi zina osadziwa n'komwe kuti akudzinamiza. Ine ndikaona masamu amenewa m'pulani popanda kaundula wa magulu a mwezi ndi mwezi pambali pake, sindiikhulupirira nambalayo ngakhale pang'ono.

Apa mpamene nkhani ya Blue Apron imaphunzitsa zambiri. M'chikalata chimene kampaniyi inapereka kwa ofuna kugula masheya, inanena kuti kasitomala mmodzi imamupeza ndi madola 94, ndipo kasitomala amagula zinthu za madola 410 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, zomwe zimafika madola 939 pakatha zaka zitatu. Pongoyang'ana, 94 ndi 939 zikusangalatsa. Koma madola 939 ndi ndalama yogulitsa, osati phindu, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama yogulitsa ankapita ku zakudya, mabokosi ndi kutumiza. Chinanso, madola 94 anali nambala yapakati ya zaka zitatu, kuphatikizapo zaka zoyambirira pomwe makasitomala ankapezeka motchipa. Ndipo manambala enawo ankaulula okha chinsinsi: ngati miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ikubweretsa madola 410, pomwe miyezi 30 yotsatira ikungowonjezera madola 529, ndiye kuti anthu ambiri akuchoka koyambirira.

Daniel McCarthy, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa zamalonda pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, anatenga manambala ochepa amene kampaniyo inaulula n'kuwerengera chammbuyo. Mu Juni 2017, masheya asanayambe kugulitsidwa, anafalitsa zomwe anapeza: makasitomala pafupifupi 70 pa 100 alionse ankakhala atachoka pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mtengo wopezera kasitomala watsopano unali utakwera kufika pafupifupi madola 147. Mwa kuwerengera kwake, makasitomala ambiri atsopano ankachoka asanabweze ndalama yowapezera, ndipo phindu linkachokera kwa kagulu kochepa ka okhazikika. Kampaniyo inawononga madola 144 miliyoni kutsatsa malonda mu 2016, n'kuwononganso madola opitirira 60 miliyoni m'miyezi itatu yoyamba yokha ya 2017. Gawo lalikulu la ndalama imeneyi silinkakulitsa kampani koma kungolowetsa anthu m'malo mwa amene achoka. Itachepetsa kutsatsa kuti isunge ndalama, makasitomala anatsika mpaka kufika pafupifupi 350,000 kumapeto kwa 2019. Zoona, panali mavuto enanso: Amazon inalengeza kuti ikugula masitolo a zakudya a Whole Foods kutangotsala masabata awiri kuti masheya a Blue Apron alowe pamsika, ndipo opikisana nawo monga HelloFresh ankalimbirana anthu omwewo. Koma mpikisano umapweteka podzera m'manambala awiri omwewa, pokweza mtengo wopezera kasitomala ndi kufupikitsa nthawi imene amakhala.

Kukwera kwa mtengo wopezera kasitomala si tsoka logwera kampani imodzi. Ndi mmene misika imakhalira. Oyamba kubwera ndi amene ankachifuna chinthucho kale. Otsatira amafunika kuwanyengerera, ndipo otsatira awo amafunika kuwanyengerera kawiri. Tibwerere ku Lilongwe. Achinyamata aja aona kuti K18,000 ikubala K29,700, ndiye aganiza zowonjezera ndalama yosakira makasitomala kuchoka pa K1,800,000 kufika pa K3,600,000 pamwezi. Mabanja atsopano afika 160, osati 200. Akagawa ndalama yonse ndi mabanja onse apeza K22,500, ndipo adzati zikadali bwino. Koma funso loyenera ndi lakuti K1,800,000 yowonjezerayo yabweretsa angati. Yabweretsa 60, aliyense pa K30,000, kuposa K29,700 imene banja limabweza pachaka. Mabanja 60 amenewa akudya phindu la mabanja 100 oyamba, ndipo nambala yapakati ikubisa zimenezi. Kawirikawiri makasitomala onyengereredwa kwambiri ndiwonso amachoka msanga, ndiye zenizeni zimaipa kuposa apa.

Anthu ambiri amene anaphunzirako za kulemba pulani amadziwa lamulo lakuti phindu la kasitomala liyenera kuposa katatu mtengo womupezera, ndipo ndalama yomupezera ibwerere pasanathe miyezi 12. Amene analitchukitsa ndi David Skok, woika ndalama m'makampani atsopano ku Amereka, ndipo ankanena za makampani ogulitsa mapulogalamu a kompyuta olipiridwa pamwezi. Si lamulo la chilengedwe. Chifukwa chofunira katatu n'chakuti gawo limodzi limabweza ndalama yosakira kasitomala, ndipo magawo awiri otsalawo ayenera kulipira zonse zimene tinaziika pambali zija: lendi, magetsi, filiji, malipiro a ogwira ntchito mu ofesi, misonkho, ndi phindu la eni mpamba. Achinyamata athu ali pa 1.65, ndiye chotsala pa banja lililonse pachaka ndi K11,700 yokha. Ngati zolipira zosasintha zikukwana K3,000,000 pamwezi, akufunika mabanja 400 ogula mwezi uliwonse kuti angolipira zimenezo, osawerengera ndalama yosakira atsopano. Pamene mwa mabanja 100 alionse otsala pakatha chaka ndi 18, kufika pa 400 ndi ulendo wautali wodya mpamba.

Mwa magawo awiri a lamulo la Skok, ine ndimaona kuti kwa wabizinesi wa ku Malawi lofunika kwambiri ndi lachiwiri, la nthawi yobwezera. Ku Amereka kampani ikhoza kudikira chaka chathunthu chifukwa ndalama yobwereka ndi yotchipa ndipo dola siluluzika msanga. Kuno, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo mu 2024 Banki Yaikulu ya Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 pa 100, zomwe zikutanthauza kuti ngongole ya kubanki kwa wabizinesi wamng'ono inali yodula kuposa pamenepo. K7,500 imene banja lidzasiye m'chaka chachitatu si yofanana ndi K7,500 ya lero. Komanso mafuta akakwera, wakabaza amakweza mtengo tsiku lomwelo, pomwe kukweza mtengo wa dengu kumathamangitsa makasitomala. Choncho phindu limene pulani ikulonjeza kupitirira chaka chachiwiri ndi bwino kulisiya kunja kwa masamu. Ngati libwera, libwere ngati basera.

Nthawi yobwezera imanenanso kuchuluka kwa mpamba umene mukufunika. Achinyamata aja akamatulutsa K1,800,000 mwezi uliwonse, mwezi woyamba imabwerera K750,000 yokha, ndiye pamaperewera K1,050,000. Mwezi wachiwiri magulu awiri pamodzi amabweza K1,162,500, pamapereweranso K637,500. Wachitatu pamaperewera K337,500, wachinayi K97,500, ndipo ndi mwezi wachisanu pamene phindu la magulu onse limayamba kuposa ndalama yosakira. Dzenje lonse ndi loposa pang'ono K2,100,000, lendi ndi malipiro zisanawerengedwe. Bizinesi ikhoza kukhala ndi manambala abwino pa kasitomala aliyense koma n'kufa mwezi wachitatu chifukwa mpamba watha isanaoloke.

Nanga akonze pati? Maganizo oyamba a ambiri amathamangira kotsitsa mtengo wotsatsa, koma m'bizinesi ya phindu lopyapyala ngati imeneyi mphamvu yaikulu ili pa dengu lenilenilo. Tinene kuti aleka kulandira makasitomala a kulikonse mumzinda, n'kusankha madera awiri okha, Eriya 18 Lachiwiri ndi Eriya 47 Lachisanu, kuti wakabaza mmodzi azitula madengu asanu paulendo umodzi m'makomo oyandikana. Mtengo wokapereka watsika kuchoka pa K3,500 kufika pa K2,000. Phindu la dengu lakwera kuchoka pa K2,500 kufika pa K4,000, ndipo la banja pamwezi lafika K12,000. Ndi kaundula yemwe uja wa mabanja ochoka, K1,800,000 ikubwerera kumapeto kwa mwezi wachiwiri m'malo mwa wachisanu, ndipo chaka chikubweretsa K47,520 pa banja, kuposa kawiri ndi theka mtengo wolipezera. Sanawonjezere kasitomala ndi mmodzi yemwe. Angokana ena amene amakhala kutali.

Malo achiwiri okonza ndi mwezi woyamba uja, pamene mabanja 45 akuchoka. Apa masamu sathandiza, pamafunika foni. Imbirani onse 45, osati kuwanyengerera kuti abwerere koma kuwafunsa chomwe chinachitika. Mayankho amakonda kugwa m'magulu ochepa: dengu linachuluka masamba n'kuola, linafika iwo ali kuntchito, kapena anangofuna mtengo wochotsera uja. Ngati ambiri ndi a gulu lomalizali, K5,000 yochotsera ikukopa anthu olakwika, ndipo ndi bwino kuisamutsira pa dengu lachinayi kuti ipite kwa amene akhaladi. Olembetsa adzachepa, mtengo wopezera mmodzi udzaoneka ngati wakwera, koma gulu lidzakhala lolimba. Ichi n'chifukwa chake manambala awiriwa sawerengedwa lililonse palokha: mungathe kutsitsa loyamba m'njira imene ikuwononga lachiwiri.

Masamu amenewa ali ndi malire ake. Amagwira bwino pamene kasitomala amagula mobwerezabwereza, monga madengu athuwa, gasi wophikira, madzi, intaneti, kapena magetsi a dzuwa olipira pang'onopang'ono pa foni, pamene kuleka kulipira ndiko kuchoka kwa kasitomala. Kwa wogulitsa chinthu chogulidwa kamodzi pa zaka zambiri, monga bedi kapena mpope wa madzi, funso limafupika: phindu la kugulitsa kumodzi liyenera kulipira mtengo wonse wopezera wogulayo tsiku lomwelo. Phindu la anthu amene kasitomala angadzakubweretsereni ndi lenileni, koma liwerengedwe pokhapokha ngati kaundula akuonetsa maina a amene anabwera motero, ndipo liwerengedwe kamodzi: ngati mwaliika potsitsa mtengo wopezera kasitomala, musaliikenso pokweza phindu lake.

Pali funso limene wolemba pulani aliyense amafunsa: ndiwapeza kuti manambala a miyezi isanu ndi umodzi pomwe bizinesi sinayambe? Yankho ndi kuyamba pang'ono pulani isanamalizidwe. Mabanja 30 a dera limodzi, otsatidwa kwa miyezi itatu, amaonetsa kale kugwa kwakukulu kwa mwezi woyamba ndi wachiwiri, komwe ndi kumene kumagamula zambiri. Kope wamba ndi wokwanira: mzere uliwonse dzina la banja ndi kumene linamva za inu, danga lililonse sabata imodzi, ndipo muzichonga sabata imene lagula. Mu pulani, manambala ochokera m'kopemo alembedwe padera ndi ongoyerekezera, kuti wowerenga aone pamene zochitika zathera ndi pamene chiyembekezo chayambira. Ngati mabanja 30 aja ndi abale ndi anzanu okhaokha, kopeyo akuyeza chikondi chawo osati msika, ndiye osachepera theka akhale anthu osakudziwani, opezeka m'njira yomweyo imene mukufuna kudzagwiritsa ntchito bizinesi ikadzakula.